Kalata kwa Okonza Malipiro a Boma: Wokwezedwa Pantchito Asalandire Zochepa Kuposa Amene Wamusiya Pansi

Olemekezeka akuluakulu oyang'anira za ogwira ntchito m'boma, pamodzi ndi inu a ku nthambi ya zachuma,

Ndikulemberani pa nkhani imene siimveka kawirikawiri pa zokambirana za malipiro. Chaka ndi chaka mkangano umakhala pa peresenti: boma likuti liwonjezera zakuti, mabungwe a apantchito akuti zachepa. Nkhani yangayi ndi ya mzere umodzi wa m'malamulo a ntchito, umene umanena notchi imene munthu amafikira akachoka giredi ina kupita ina, komanso tsiku limene adzalandire inkirimenti yotsatira. Mzerewu ukalembedwa mosasamala, munthu amene mwamukweza chifukwa cha khama lake amatha miyezi yambiri akulandira zochepa kuposa mnzake amene sanakwezedwe. Ndagwirapo ntchito yowerengetsa malipiro, ndipo madandaulo otere ndawamva kokwanira. Ambiri mwa odandaulawo amaganiza kuti kalaliki walakwitsa masamu. Kawirikawiri masamu amakhala olondola. Cholakwika chimakhala lamulolo.

Sikelo mukuidziwa kale, koma kalatayi iwerengedwanso ndi anthu amene amangoona nambala pa peyisilipi, ndiye mundilole ndifotokoze mwachidule. Ntchito iliyonse ili ndi giredi yake, ndipo giredi iliyonse ili ndi manotchi angapo, kuyambira poyambira mpaka pothera. Chaka chikatha munthu akugwira bwino, amakwera notchi imodzi. Imeneyo ndiyo inkirimenti, ndipo isasokonezedwe ndi kukweza malipiro a onse kumene kumalengezedwa mu bajeti, chifukwa kumeneko n'kusuntha sikelo yonse koma munthu amakhalabe pa notchi yake. Chofunika kwambiri pa nkhani yathu n'chakuti masikelo ambiri amalowana. Ali ngati makwerero awiri oyedzamiritsa pakhoma, achiwiri akuyambira cham'mwamba mwa oyambawo, osati pamene oyambawo athera. Choncho manotchi omaliza a giredi yapansi amakhala ndi ndalama zambiri kuposa manotchi oyamba a giredi yapamwamba. Zimenezi si zoipa. Zimathandiza kuti munthu wokhalitsa pantchito alandire zomveka ngakhale mpata wokwezedwa usanapezeke. Koma pamene masikelo alowanapo m'pamene pali msampha.

Tiyerekeze ndi manambala opeka koma osavuta kutsatira. Giredi yapansi ili ndi manotchi 8, ikuyambira pa 3,000 pamwezi, ndipo notchi iliyonse ikuwonjezera 100, mpaka kuthera pa 3,700. Giredi yapamwamba ikuyambira pa 3,500, ndipo notchi iliyonse ikuwonjezera 140: ndiye kuti 3,500, kenako 3,640, kenako 3,780, kenako 3,920, n'kumapitirira.

Pali mayi ndi bambo amene analembedwa ntchito tsiku limodzi. Onse ali pa notchi 7 ya giredi yapansi, akulandira 3,600, ndipo inkirimenti yawo imabwera pa 1 Julayi. Mpata wapezeka, onse alowa intavyu, mayi uja wapambana ndipo wakwezedwa kuyambira pa 1 Juni. Lamulo likuti wokwezedwa aikidwe pa notchi yoyandikira kwambiri yomwe ili pamwamba pa malipiro ake a lero, ndipo chaka cha inkirimenti chiyambe kuwerengedwa mwatsopano kuchokera tsiku lokwezedwa. Pamwamba pa 3,600, notchi yoyandikira ndi 3,640. Mayiyu wawonjezeredwa 40, wapatsidwa anthu oti aziwayang'anira, ndipo inkirimenti yake yasunthira ku Juni wa chaka chamawa.

Julayi akakwana, bambo uja, amene sanapambane intavyu, akulandira inkirimenti yake monga mwa masiku onse ndipo akufika pa 3,700. Mayi akadali pa 3,640. Kuyambira Julayi mpaka Meyi, miyezi 11, bwana akulandira 60 yochepa mwezi uliwonse kuposa munthu amene akumusainira fomu ya tchuthi. Mukachotsa 40 imene anapindula mu Juni muja, chaka choyamba chikutha mayiyu ataluza 620 poyerekeza ndi zimene akanalandira akanakana kukwezedwa. Juni wotsatira akukwera pa 3,780, pamene bambo waima pa 3,700 chifukwa giredi yake yathera pomwepo. Tsopano mayi ali patsogolo ndi 80 pamwezi, ndipo kuti abweze 620 ija pakufunika pafupifupi miyezi 8. Ndiye kuti papita miyezi ngati 20 kuti kukwezedwa kuja kuyambe kumupindulira ngakhale pang'ono.

Mwina muti n'zosakhalitsa, m'kupita kwa nthawi zimawongoka. Poyerekeza ndi bambo uja, n'zoona. Koma taonani munthu wachitatu, amenenso anali pa 3,600 ndi inkirimenti ya pa 1 Julayi, koma kalata yake yokwezedwa ikuyambira pa 1 Ogasiti. Iyeyu wayamba walandira inkirimenti, wafika pa 3,700, ndipo notchi yoyandikira pamwamba pake ndi 3,780. Walowa giredi yatsopano miyezi iwiri m'mbuyo mwa mayi uja, koma wafikira notchi imodzi pamwamba pake. Mayi adzamupeza mu Juni wa chaka chamawa, adzafanana miyezi iwiri yokha, Ogasiti akakwana mnzakeyo adzakweranso. Chaka chilichonse kwa miyezi 10 mayi adzakhala pansi ndi 140, zomwe ndi 1,400 pachaka, ndipo zidzakhala choncho mpaka onse adzafike pothera pa giredi. Kumene penshoni imawerengedwa kuchokera pa malipiro omaliza, wopuma ntchito asanafike potherapo amapita nako kusiyanaku kunyumba moyo wake wonse. Chasiyanitsa anthu awiriwa si luso kapena zaka za ntchito. Ndi tsiku limene komiti inakhala pansi, kapena limene fayilo inatuluka mu thireyi ya munthu wina.

Pali chinanso chimene chimapweteka kwambiri, ndipo amene anakhalapo mu ofesi ya malipiro anachiona ndi maso. Kalata yokwezedwa ndi kusintha kwa malipiro mu kompyuta sizifika tsiku limodzi. Tinene kuti kukwezedwa kwa mayi uja kwalowetsedwa mu Disembala. Miyezi yonseyi kompyuta imamuona ngati wa giredi yapansi, ndipo mu Julayi inamupatsa inkirimenti yake, 3,700. Iye akudikira maariyasi, mwinanso wakongola kale podalira ndalamazo. Kalaliki akuwerengetsa: mu Juni boma linamuperewezera 40, koma kuyambira Julayi mpaka Novembala linamupatsa 60 yopitirira mwezi uliwonse, zomwe ndi 300. Zotsatira zake, mayiyu ndiye ali ndi ngongole ya 260 ku boma. Peyisilipi ya Disembala ikutuluka ndi malipiro otsika kuchoka pa 3,700 kufika pa 3,640, ndi mzere wina wodula ndalama zolipidwa mopitirira. Ndiuzeni, olemekezeka, kalaliki amufotokozere bwanji munthu ameneyu kuti wakwezedwa? Ena amaima pawindo peyisilipi ili m'manja, kalata yowayamikira ili m'dzanja linalo, n'kumafunsa ngati n'zotheka kubwerera pa giredi yakale.

Kumunsi kwa sikelo vuto limatembenuka. Pa lamulo lomweli, aliyense amene ali pa notchi 1 mpaka 5 ya giredi yapansi akakwezedwa amafikira pa 3,500. Amene anali pa 3,100 wapindula 400, amene anali pa 3,400 wapindula 100, ndipo zaka zitatu zimene zimawasiyanitsa zafufutika. Ichi sindikuchitsutsa kwambiri, chifukwa onse ndi atsopano pa udindowo ndipo palibe amene watsika. Koma chikusonyeza kuti lamuloli limakondera wofika kumene ndi kulanga wokhalitsa: munthu akakhala zaka zambiri pa giredi, kukwezedwa kumamubweretsera zochepa. Amene ali pa notchi 6, pa 3,500 penipeni, tsogolo lake lili m'mawu awiri. Lamulo likati notchi "yofanana kapena yoposa", akukwezedwa popanda chowonjezera chilichonse. Likati "yoposa", akufikira pa 3,640. Ndaonapo maofesi awiri a boma limodzi akuwerenga chiganizo chimodzimodzi mosiyana, ndipo ogwira ntchito anadziwa pokhapokha atafanizira mapeyisilipi pa msonkhano wina.

Mankhwala ake si achilendo, maboma ena anawapeza kale. M'boma lalikulu la Amerika, sikelo ya ogwira ntchito za mu ofesi ili ndi magiredi 15, iliyonse ndi manotchi 10. Munthu akakwezedwa, amayamba awonjezera manotchi awiri a giredi yakale pa malipiro ake, kenako n'kumuika pa notchi yotsikitsitsa ya giredi yatsopano imene ikufika kapena kuposa pamenepo. Kumenekonso nthawi yodikira inkirimenti imayamba mwatsopano, koma popeza munthu walumpha manotchi awiri, sangapitiriridwe ndi amene watsala. Ku India, kuyambira pa sikelo ya 2016, wokwezedwa amayamba wapatsidwa inkirimenti imodzi pa giredi yakale, kenako amaikidwa pa malo ofanana kapena otsatira pamwamba mu giredi yatsopano. Amaloledwanso kusankha kuti malipiro ake atsopano adzawerengetsedwe pa tsiku la inkirimenti yake yotsatira, ngati kutero kungamupindulire.

Tiwaike malamulo awiriwa pa mayi wathu uja. Pa njira ya inkirimenti imodzi, 3,600 ikukhala 3,700, ndipo akufikira pa 3,780. Julayi akakwana bambo akufika pa 3,700, mayi akadali patsogolo ndi 80, ndipo maariyasi ake, ngakhale atachedwa bwanji, ndi ndalama yolandira osati yobweza. Pa njira ya manotchi awiri, 3,600 ikukhala 3,800, ndipo akufikira pa 3,920. Njira yachiwiriyi ndi yodula, ndipo sindikukakamizani. Yoyambayo ndi yokwanira kutseka dzenje lalikulu. Ndinene mosabisa kuti payokha siithetsa nkhani ya wokwezedwa mu Ogasiti uja, chifukwa naye adzawonjezeredwa notchi pa 3,700 yake n'kufikira pa 3,920. Chimene chimatseka mpata umenewo ndi ufulu wosankha uja, kapena lamulo lakuti munthu akakwezedwa kutatsala miyezi yochepa kuti alandire inkirimenti, aiwerengere ngati walandira kale. Wagwira miyezi 11 mwa 12 yoyembekezera notchi imeneyo. Kuifufuta chifukwa choti wachita bwino pa intavyu ndi chinthu chovuta kuchiikira kumbuyo.

Ndikudziwa funso limene a zachuma ali nalo pakamwa: ndalama zake zichokera kuti? Funsolo n'loyenera, koma liyankhidwe ndi masamu. Lamulo la notchi yowonjezera silikhudza aliyense. Silikhudza amene sanakwezedwe, ndipo pa chitsanzo chathu silisintha kanthu kwa okwezedwa a notchi 1 mpaka 4, popeza ngakhale atawonjezeredwa 100 akufikirabe pa 3,500. Likukhudza okhawo amene akwezedwa chaka chimenecho ali cham'mwamba mwa giredi, ndipo kwa aliyense mtengo wake ndi notchi imodzi. Inu muli ndi mndandanda wa okwezedwa a zaka zapitazi. Uzani munthu mmodzi awerengetse, mudzaona nambala yeniyeni m'malo moopa chinthu chosayezedwa. Mbali inayo muikenso mtengo wa anthu aluso okana maudindo, ndi nthawi imene maofesala anu amathera poyankha madandaulo.

Pa inkirimenti yeniyeniyo pali kawerengedwe kena kamene kamasokeretsa. Bajeti ikathina, pamabwera maganizo oimitsa inkirimenti kwa chaka, ndipo ndalama zopulumutsidwa zimawerengedwa pochulukitsa notchi imodzi ndi chiwerengero cha ogwira ntchito onse. Nambalayo imakhala yokokomeza. Amene ali pothera pa giredi salandira inkirimenti. Komanso chaka chilichonse ena amapuma ntchito ali pa manotchi apamwamba, ndipo olowa m'malo mwawo amayambira pansi, kotero kuti gawo lalikulu la ndalama za inkirimenti limabwerera lokha. Izi zimasokonekera pamene boma linalemba anthu ambiri nthawi imodzi ndipo onse akukwera limodzi popanda opuma, koma ngati zili choncho nenani choncho. Ndipo mukaimitsadi, lembani momveka ngati notchiyo yangochedwa kapena yatayika. Munthu wolumphitsidwa notchi imodzi lero amakhala m'mbuyo ndi notchi imodzi chaka chilichonse mpaka adzafike pothera. Zimene zinalengezedwa ngati kudzimana kwa chaka chimodzi zimamutsatira zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi.

Kusintha giredi sikubwera ndi kukwezedwa kokha. Nthawi zina mumaunika ntchito n'kupeza kuti udindo wonse unaikidwa pansi, ndiye mumaukweza, anthu ake ali omwewo, ntchito ili yomweyo. Apa ndiye pamachitika chisalungamo chachikulu ngati mugwiritsa ntchito lamulo la kukwezedwa lija osaganiza. Wa zaka zisanu ndi wolembedwa dzulo onse amaunjikidwa pa notchi yoyamba, ndipo tsiku lawo la inkirimenti limasunthidwa ngati ayamba ntchito yatsopano. Sanayambe ntchito yatsopano. Inu ndi amene mwavomereza kuti mumawalipira zochepa. Pamenepa tsiku la inkirimenti lisasunthe, ndipo pakhale tebulo losonyeza notchi yakale iliyonse ndi notchi yatsopano imene ikupitako, lofalitsidwa kusinthako kusanachitike. Udindo ukatsitsidwa giredi popanda mlandu wa mwini wake, malipiro ake asungidwe pamene ali mpaka sikelo yatsopano idzawapeze. Zimenezi maboma ambiri amachita kale, ndipo n'chilungamo chapoyera.

Chomaliza ndi chimene sichifuna bajeti. Ogwira ntchito ambiri amadziwa giredi yawo, koma mukawafunsa notchi, kapena mwezi wa inkirimenti yawo, amayang'ana kumwamba. Si umbuli. Palibe pamene zinalembedwa poti iwo angaone. Munthu amene sadziwa notchi yake sangazindikire kuti inkirimenti yalumphidwa, makamaka chaka chimene malipiro a onse akwera, chifukwa nambala yasinthabe ndipo iye akuganiza kuti zonse zalowa. Ndapezapo mafayilo a anthu amene anaima pa notchi imodzi zaka zingapo chifukwa fomu ina sinasainidwe atasamutsidwa ofesi, ndipo zinadziwika powerengetsa za penshoni. Peyisilipi izisonyeza giredi, notchi ndi tsiku la inkirimenti yotsatira. Tebulo la sikelo yonse lizipezeka kwa aliyense, osati mu kabati ya bwana wa za ogwira ntchito. Zikatero munthu atha kudzifufuzira yekha: apeze malipiro ake asanadulidwe msonkho, ayang'ane ngati nambalayo ilipo pa tebulo, awerenge manotchi kuchokera pamene anayambira, aone ngati akugwirizana ndi zaka zake. Nambala imene palibe pa tebulo ndi chizindikiro choti china chake chalakwika.

Kalata yokweza munthu nayo isamathere pa mawu oyamikira ndi dzina la udindo. Inene malipiro akale, notchi yatsopano, mmene aipezera, tsiku limene ziyambire, tsiku la inkirimenti yotsatira, komanso maalawansi amene akutha ndi amene akuyamba. Pa maalawansi ndikutsindika, chifukwa m'malo ambiri ndalama za ovataimu zimathera pa giredi inayake. Munthu amene amadalira ovataimu akhoza kuona malipiro apamwezi akwera ndi 140 koma zolowa m'thumba zatsika. Aone zonsezi papepala asanasainire kuti wavomera udindo, ndipo apatsidwe masiku angapo oti afunse. Mizere isanu ndi umodzi imeneyi kalaliki amaiwerengetsa kale polowetsa kusinthako mu kompyuta. Chatsala n'kuisindikiza pa kalata ya mwini wake.

Ndikupempha kuti mutenge sikelo yanu yeniyeni, mulembe pansi notchi iliyonse ya giredi iliyonse, ndi kuyesa kukweza munthu wongopeka kuchokera pa notchi imeneyo mwezi umodzi inkirimenti yake isanakwane. Paliponse pamene wokwezedwayo akupezeka pansi pa mnzake wotsala, ikani chizindikiro chofiira. Ndi ntchito ya masana amodzi pa kompyuta. Zotsatira zake mupite nazo pa zokambirana zikubwerazi, ndipo a mabungwe a apantchito apatsidwe kope lawo.

Ine wanu mwaulemu,
Wogwira ntchito m'boma